Nyemba ya Mumdima Ikatalika Kuposa ya Padzuwa

Aliyense amene anavundukulapo ndowa kapena chidutswa cha lata chimene chinagona pabwalo nyengo ya dzinja amadziwa zimene zimapezeka pansi pake. Udzu wa pamenepo umakhala woyera ngati wathiridwa ufa, wautali, wonyozoloka, ndipo umathyoka ukangoukhudza. Mlimi wa fodya amaziona pa nazale akachedwa kupungula udzu wophimbira bedi, chifukwa mbande zimathamangira m'mwamba ndi timiyendo toonda. Koma ana a Fomu 1 amene anakulira pakati pa zinthu zimenezi, akafunsidwa kuti ndi nyemba iti idzatalike, yodzalidwa pawindo kapena yotsekeredwa m'katoni, ambiri amayankha mosakayika kuti ya pawindo. Anamva kuti zomera zimafuna dzuwa, ndipo kwa iwo nkhani inathera pomwepo.

Pa masabata awiri oyambirira yankho limeneli ndi lolakwa. Nyemba ya mumdima imatalika kwambiri, nthawi zina kuwirikiza kawiri inzake ya padzuwa. Mphunzitsi wa bayoloje amene akufuna kuti ophunzira ake afufuze okha m'malo mongokopera zolemba pabolodi angapezerepo mwayi, chifukwa funso ndi losavuta kumva, zipangizo ndi zotola, ndipo zotsatira zake zimatsutsa zimene mwana ankakhulupirira. Phunziro lotere limayenda m'magawo atatu, kulosera, kuona ndi kufotokoza. Akatswiri a maphunziro a ku Australia, Richard White ndi Richard Gunstone, anailongosola njira imeneyi m'buku lawo la 1992, ndipo lero imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Komabe phunziroli limatheka kapena kulephereka mphunzitsi ali yekha, masabata angapo belu lisanalire.

Ntchito yoyamba ndi kusankha funso limodzi. Mutu woti "Kodi zomera zimafuna chiyani kuti zikule?" umakhala bwino pamwamba pa tsamba la buku, koma suyezeka ndi rula. Funso lofufuzika limatchula chinthu chimodzi chimene chidzasinthidwe ndi chinthu chimene chidzayezedwe: kodi kuwala kumasintha bwanji kutalika, mtundu ndi masamba a mmera wa nyemba pa masiku 14 oyamba? Mphunzitsi amene wawonjezerapo feteleza, madzi ndi mtundu wa dothi pa ulendo umodzi womwewo amadzapeza zomera zosiyanasiyana patebulo popanda wodziwa chimene chazisiyanitsa.

Nyemba ndi yabwino kuposa chimanga pa funso limeneli. Ikamera, magawo awiri a njere yake amatuluka pamwamba pa dothi atakwera pa tsinde, ndipo mwana amawaona akufota tsiku ndi tsiku pamene chakudya cha mkati mwake chikutha. Njere ya chimanga imatsala pansi, choncho nkhokwe yake siioneka. Nyemba zikhale za mtundu umodzi, monga Napilira yekhayekha kapena Kholophethe yekhayekha, chifukwa zosakaniza za pamsika zimakula mosiyana, zina zoyanga zina zosayanga. Zobooka ndi anankafumbwe ndi zokwinyika zichotsedwe. Ngati mbewu yagulidwa m'sitolo ndipo ndi yopakidwa mankhwala a mtundu, ana auzidwe kuti asaiike kukamwa ndipo asambe m'manja akamaliza.

Pali chinthu china chimene aphunzitsi ambiri amachidumpha ndipo amadzachilira, ndicho kuyesa mbewu ndi kuyesa phunziro lonse payekha. Njere 20 zikulungidwe m'kansalu konyowa kwa sabata imodzi. Zikamera zosakwana 16, ndi bwino kufuna mbewu ina, chifukwa nyemba zogonera zingasiye theka la miphika lili dothi lokhalokha. Masabata awiri kapena atatu phunziro lisanayambe, mphunzitsi adzale miphika yake iwiri, wina pawindo wina m'katoni, m'chipinda chomwecho chimene ana adzagwiritse ntchito. Akatero amadziwa masiku amene nyemba zikutenga kuti zituluke pa nyengo imeneyo. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala zimatuluka pakatha masiku asanu kapena kupitirira pang'ono, pamene m'chisanu cha Juni ndi Julayi, makamaka m'madera okwera monga Dedza ndi Mzimba, zimazengereza. Amadziwanso ngati m'chipindamo muli makoswe. Khoswe mmodzi amatha kufukula njere za kalasi yonse usiku umodzi.

Kalendala imabwera pambuyo pa kuyesaku. Piriyodi ya mphindi 40 singakwane kafukufuku wa chinthu chimene chimakula pang'onopang'ono, choncho phunziro limagawidwa: piriyodi yophatikiza ya mphindi 80 yolosera ndi kudzala, kenako mphindi 10 zoyeza katatu pa sabata, kenako piriyodi ina yophatikiza yomanga mfundo. Kudzala Lachitatu kapena Lachinayi kumathandiza, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu loyamba limadutsa njere zidakali pansi, ndipo ana akamabwera Lolemba kapena Lachiwiri amapeza dothi likung'ambika. Holide yapakati pa teremu ndi sabata ya mayeso zionedwe msanga, kuti masiku ofunika kwambiri asadzagwere pa nthawi imene chitseko chili chokhoma.

Kalasi ya ana 60 ingagawidwe m'magulu 10 a ana asanu ndi mmodzi. Gulu lililonse likhale ndi miphika iwiri ya mabotolo apulasitiki odula pakati, obooledwa pansi ndi msomali kuti madzi azituluka. Miphika yonse ndi 20, ndipo mphika uliwonse ukalandira njere zinayi, njere zonse ndi 80, zosakwana n'kapu yomwe. Wina angafunse chifukwa chake osangodzala njere ziwiri patebulo la aphunzitsi. Yankho ndi lakuti njere zimasiyana mphamvu ngati ana a mimba imodzi. Ikafa njere imodzi ya m'katoni, kalasi yonse imapita kwawo ikukhulupirira kuti mdima umaletsa kumera, zomwe si zoona pa nyemba. Njere 40 mbali iliyonse zimaphimba ngozi zotere.

Dothi lisakanizidwe pamodzi pa saka limodzi, kenako ligawidwe ndi kapu imodzi, kuti gulu lina lisatape la pachulu pamene lina latapa mchenga. Njere zonse zinyikidwe m'madzi usiku umodzi, zidzalidwe masentimita 3 pansi, ndipo kamtengo kolembedwa chizindikiro kamathandiza kuti maenje akhale ofanana. Madzi ayezedwe ndi kachikho kamodzi, mwachitsanzo mamililita 50 pa mphika.

Katoni ili ndi msampha wake umene ngakhale mphunzitsi wosamala amagweramo. Ikaikidwa padzuwa imasanduka uvuni, ndipo zomera za mkatimo zimasiyana ndi zinzake pa zinthu ziwiri, kuwala ndi kutentha. Ikatsekedwa kotheratu, chinyezi chimachuluka ndipo nkhungu imamera pa dothi. Choyenera ndi kuika miphika yonse m'chipinda chimodzi, ya kuwala pawindo lowala bwino, makatoni pambali pamene dzuwa silikuwomba mwachindunji, ataboola timaenje m'munsi ndi kutiphimba ndi kapepala kopinda kuti mpweya uzilowa koma kuwala kusalowe. Katoniyo ikhale yaitali, masentimita 40 kapena kuposa, chifukwa mmera wa mumdima umakafika kudenga msanga kuposa mmene munthu angaganizire. Mphika wa pawindo umauma msanga kuposa wa m'katoni, ndipo kalasi iyenera kugwirizana chochita: kuthira muyeso wofanana, kapena kusunga chinyezi chofanana poyesa dothi ndi chala. Mphunzitsi wanzeru amalipereka vuto limeneli kwa ana kuti alikambirane, chifukwa mkangano wake umaphunzitsa tanthauzo la kuyesa mwachilungamo kuposa chiganizo choloweza.

Kulosera kumabwera njere zisanalowe m'dothi, ndipo kumafuna mwambo. Mphunzitsi akafunsa kalasi yonse pakamwa, mwana wodziwika kuti ndi wanzeru amayankha, ndipo ena 59 amangomutsatira. Choncho aliyense alembe yekha m'kope lake, ndi cholembera cha inki, mayankho a mafunso atatu: kodi njere za m'katoni zidzamera, ndi ziti zidzakhale zazitali pa tsiku la 14, ndipo masamba adzakhala a mtundu wanji mbali iliyonse. Yankho lililonse likhale ndi mawu oti "chifukwa". Mawu amenewa ndi amene amasiyanitsa kulosera ndi kungoponya mwala kuchitsamba. Mwana wolemba kuti za m'katoni sizidzamera chifukwa zomera zimadya dzuwa waulula zimene zili m'mutu mwake, ndipo mphunzitsi wadziwa pamene adzayambire pofotokoza. Wina adzalemba kuti za m'katoni zidzatalika chifukwa anaona chimanga cha pansi pa mtengo wa mango chikuonda ndi kutalika. Ameneyu wabweretsa munda wa kwawo m'kalasi, ndipo ayenera kupatsidwa mpata wolankhula.

Akalemba onse, manja awerengedwe ndipo manambala alembedwe papepala lalikulu lomatidwa pakhoma mpaka tsiku lomaliza. Chovuta kwambiri kwa mphunzitsi pa mphindi imeneyi ndi nkhope yake. Akangomwetulira pa yankho limodzi kapena kugwedeza mutu pa lina, kafukufuku watha asanayambe. Malosero asapatsidwe malikisi a kukhoza kapena kulakwa. Mwana akadziwa kuti adzadulidwa malikisi, amadzafufuta zimene analemba, ndipo ena amafika pokoka mmera kapena kunama poyeza kuti zotsatira zigwirizane nawo.

Gawo loona limaoneka losavuta, koma ndi limene limafuna kuphunzitsidwa kwambiri. Mwana akatsegula katoni amalemba kuti "mbewu yadwala" kapena "ikufuna dzuwa". Zimenezi ndi zimene akuganiza, osati zimene maso ake aona. Zimene waona ndi zakuti tsinde ndi loyera, masamba ndi aang'ono, achikasu ndi osatambasuka, nsonga ndi yopindika ngati ndodo ya nkhalamba, ndipo mmera ukuyedzamira khoma la katoni. Tsamba la kope ligawidwe pakati, mbali ina ya zoona ndi maso ndi zoyeza, mbali ina ya maganizo. Mphunzitsi akamazungulira m'magulu, funso lake likhale limodzi: "Mwaona chiyani chimene chakupangitsani kunena choncho?"

Poyeza, kalasi yonse igwirizane poyambira ndi pothera: kuchokera pa dothi mpaka pa nsonga imene ikukula, osati pa nsonga ya tsamba. Tsinde lopindika liyezedwe ndi ulusi, kenako ulusiwo ugonekedwe pa rula. Ana akumbutsidwe kuti rula zambiri zimakhala ndi kampata nambala ya 0 isanayambe. Mmera uliwonse ukhale ndi nambala yake pa kamtengo, kuti wa Lolemba akhale yemweyo woyezedwa Lachitatu. Katoni itsegulidwe mphindi zochepa, pakona pamene pali kamdima, chifukwa kuwala kwa kanthawi kochepa kobwerezedwa kumayamba kuwongola nsonga ndi kusintha kakulidwe. Ngati za m'katoni zayamba kubiriwira, kapena zonse zapendekera mbali imodzi, ndiye kuti pali mng'alu umene ukulowetsa kuwala. Ngati za pawindo nazonso ndi zazitali ndi zotuwa, windolo silikuwala mokwanira. Ndipo ngati njere zaola m'miphika yonse, madzi anachuluka kapena maenje a pansi anatsekeka, chifukwa njere yomira imasowa mpweya wa okisijini umene imafuna kuti imere.

Manambala a gulu limodzi pa tsiku la 14 angaoneke motere, ngati chitsanzo cha mawerengedwe. Pawindo: masentimita 12, 14, 11 ndi 13, amene pamodzi ndi 50, ndipo avereji yake ndi 12.5. M'katoni: 24, 27 ndi 22, njere yachinayi yosamera. Apa ana amagawanika. Ena amalemba 0 pa njere yosamera ndi kugawa 73 ndi 4, n'kupeza 18.25. Ena amagawa ndi 3, n'kupeza 24.3. Olondola ndi achiwiriwa, chifukwa funso ndi la kutalika kwa mmera, ndipo njere yosamera ilibe mmera woti uyezedwe. Koma isatayidwe mwakachetechete. Ilembedwe pa mzere wake wa chiwerengero cha zomera ndi zosamera, umene umayankha funso loyamba la malosero. Magulu onse 10 akalemba maavereji awo pabolodi, kalasi imaona ngati zotsatira zikuloza mbali imodzi. Gulu limodzi likasiyana ndi anzake, lisachititsidwe manyazi. Lifunsidwe zimene zinachitika, ndipo nthawi zambiri pamapezeka katoni yong'ambika kapena mphika umene unaiwalidwa kuthirira.

Tsiku lomanga mfundo ndi limene mphunzitsi ayenera kulikonzekera kwambiri, chifukwa manambala amatha kusocheretsa ana. Ataona 24 ndi 12, ambiri amatembenuka kotheratu ndi kulemba kuti nyemba zimakula bwino mumdima. Kuwauza kuti alakwa sikuthandiza. Chothandiza ndi kuika miphika iwiri patsogolo ndi kufunsa kuti ndi mmera uti umene angapite nawo kudimba. Palibe amene amasankha woyerawo. Pamenepo funso lenileni limatulukira lokha: kodi kutalika ndi kukula ndi chinthu chimodzi?

Kufotokoza kwa sayansi kumalowa pamene ana afika pa njala imeneyi. Njere ya nyemba imanyamula kamba wa paulendo m'magawo ake awiri, ndipo ndi chifukwa chake imamera popanda kuwala, monga imachitira pansi pa dothi m'munda. Mmera umene sunaone kuwala umachita ngati udakali pansi: umaika mphamvu zonse pa kutalikitsa tsinde, umasunga nsonga yopindika kuti iteteze masamba anthete, ndipo sutambasula masamba. Kutalikako kumabwera makamaka chifukwa maselo a tsinde amamwa madzi ndi kutamuka, osati chifukwa chomera chapanga chakudya chatsopano. Kubiriwira kumachokera ku kolorofilu, imene nyemba siingathe kupanga popanda kuwala, ndipo popanda iyo palibe fotosinthesisi, ntchito yopanga shuga kuchokera ku madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Kamba akatha, cha m'sabata yachitatu kapena yachinayi, mmera wa m'katoni umagwa ndi kufa, pamene wa pawindo ukuwonjezera masamba.

Sukulu imene ili ndi sikelo yoyeza magalamu ingatsimikize zimenezi poumitsa zomera ndi kuziyeza. Njere imodzi ya nyemba zikuluzikulu imalemera pafupifupi theka la galamu, choncho zomera za kalasi yonse ziyezedwe pamodzi, chiwerengero chofanana mbali iliyonse, mizu itatsukidwa bwino. Kuyeza kumeneku kusachitike msanga. M'masiku oyamba zomera zonse ziwiri zimapepuka poyerekeza ndi njere, chifukwa zonse zikudya nkhokwe, ndipo kusiyana kumaoneka bwino pakatha masabata atatu kapena kuposa.

Mfundo yomaliza imene mwana amalemba ikhale yofanana msinkhu ndi umboni wake. Anganene kuti nyemba za mtundu uwu, pa masiku 14, zinamera mumdima ndi powala pomwe, ndipo za mumdima zinatalika kwambiri koma zinali zoonda, zachikasu ndi za masamba aang'ono. Sanganene za zomera zonse, chifukwa anayesa mtundu umodzi. Njere za fodya, mwachitsanzo, zimamera bwino zikamalandira kuwala, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene sizikwiriridwa pa nazale. Sanganenenso kuti waona kolorofilu ikupanga chakudya, chifukwa zimenezo wauzidwa, sanaziyeze.

Nkhani ya Jan Baptist van Helmont, wa ku Brussels, imakhala bwino pa mphindi imeneyi. Iye anadzala mtengo wolemera makilogalamu pafupifupi 2.3 mumphika wa dothi louma lokwana makilogalamu pafupifupi 90, ndipo anauthirira madzi okha kwa zaka zisanu. Mtengowo unafika makilogalamu pafupifupi 77, pamene dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1648, iye atamwalira kale. Anayeza mosamala, ndipo anatsimikiza molondola kuti mtengo sudya dothi. Koma anamanga mfundo yoti kulemera konseko kunachokera ku madzi okha, chifukwa sanaganizire za mpweya, umene lero tikudziwa kuti umapereka gawo lalikulu la thupi louma la mtengo. Ana akamva nkhaniyi angafunsidwe kuti ndi chiyani chimene iwo sanachiyeze m'katoni mwawo. Ena adzatchula kutentha, ena chinyezi, ndipo onsewo adzakhala akunena zoona.

Kenako aliyense abwerere ku tsamba la malosero ake, osafufuta kanthu, ndi kulemba pansi pake zimene ankaganiza, zimene anaona, ndi zimene akuganiza tsopano. Pamenepa ndi pamene malikisi angaperekedwe: pa tebulo lolembedwa bwino, pa girafu yokhala ndi masiku m'munsi ndi masentimita m'mbali, ndi pa mfundo yotsamira pa manambala. Luso limeneli la kuyeza, kujambula ndi kufotokoza zotsatira ndi lomwe limadzafunika pa mayeso ochita ndi manja a bayoloje a Fomu 4.

Miphika isatayidwe tsiku lomwelo. Theka la ya m'katoni ichotsedwe ndi kuikidwa powala koma pamthunzi, chifukwa dzuwa la masana lingawauwe masamba anthetewo, ndipo theka linalo litsale mumdima. Ana alembenso malosero asanatuluke m'kalasi. Pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, masamba achikasu aja amayamba kubiriwira ndi kutambasuka, koma tsinde limene linatalika kale silifupikanso, ndipo limafuna kamtengo kolichirikiza.